Medikoeidi ku Harare: njira zinayi, ndi tsiku limene iliyonse imayamba kukulipirirani

Kapepala kokongola kamene amakupatsani mu ofesi ya medikoeidi, sikimu imene mumapereka ndalama mwezi ndi mwezi kuti izikulipirirani za kuchipatala, kamanena zimene sikimuyo imalipira. Chikalata cha malamulo, chija chimabwera pambuyo pa imelo ndi zilembo zing'onozing'ono, ndicho chimanena tsiku loyambira kulipira, malire a ndalamazo, ndi zifukwa zokanira. Chomwe mwasainira ndi chikalata chachiwirichi. Ife a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth timakonda kufunsa funso limodzi, lakuti pa mwezi ndi zingati. Ine ndikuti funso loyamba likhale lina: matenda amene ndikudziwa kuti ali kale m'nyumba mwanga, sikimuyi iyamba liti kuwalipirira, ndipo tsiku limenelo ine ndidzapisa m'thumba ndalama zingati?

Zinthu zinayi zoyezera

Choyamba ndi nthawi yodikira. Mukalowa, mumayamba kupereka mwezi womwewo, koma chithandizo chimatseguka pang'onopang'ono. M'zikalata zambiri za kuno, kuonana ndi dokotala wamba ndi kugula mankhwala kumadikira miyezi itatu, kugonekedwa ndi opaleshoni yokonzekera miyezi isanu ndi umodzi, uchembere miyezi isanu ndi inayi, magalasi pafupifupi chaka. Khansa, makina osefa magazi a odwala impso, ndi kuika chiwalo chopanga monga cha m'chiuno, zimatha kudikira zaka ziwiri kapena kuposa. Ngozi yadzidzidzi nthawi zambiri sidikira. Sikimu iliyonse ili ndi miyezi yake, tsono tengani ya m'chikalata chanu n'kuilemba pa kalendala ngati masiku enieni.

Chachiwiri ndi matenda amene mwalowa nawo kale. Apa werengani tanthauzo lake mawu ndi mawu. Zikalata zina zimawerengera matenda okhawo amene dokotala anawapeza. Zina zimawonjezera zizindikiro zilizonse zimene munali nazo musanalowe, ngakhale simunapite nazo kuchipatala. Ndipo mawu oopsa kwambiri ndi aja akuti matendawo pamodzi ndi zonse zochokera ku matendawo. Munthu wa BP akachita sitiroko kapena impso zikafooka, sikimu imatha kunena kuti gwero lake ndi BP yomweyo.

Chachitatu ndi zimene sizilipiridwa konse, ngakhale mutakhala membala zaka makumi awiri. Opaleshoni yongokongoletsa thupi, chithandizo cha kusabereka, asing'anga ndi kudzivulaza dala zimapezeka pafupifupi paliponse. Ziwiri zimatikhudza ife kwambiri. Kuvulala pantchito amakukankhira ku NSSA, bungwe la boma la penshoni ndi chipukutamisozi cha ovulala pantchito, koma antchito a m'nyumba ndi ogwira maganyu sali m'thumba la NSSA la ovulala pantchito, kotero bambo wosamalira maluwa ku Borrowdale akagwa pa makwerero angapezeke kuti mbali zonse ziwiri zamukana. Chinacho ndi malire a dziko. Masikimu ambiri otsika amathera pa Nyamapanda. Mukadwalira ku Tete, ku Mwanza kapena kumudzi ku Dedza pa ulendo wa maliro, khadi lanu silikugwira ntchito pokhapokha chikalata chitanena poyera.

Chachinayi ndi shotifo. Masikimu salipira mtengo umene dokotala watchula. Amalipira mtengo wa pa tarifi yawo, ambiri potsatira ya AHFoZ, bungwe la masikimu a medikoeidi. Chotsalacho ndi chanu. Choncho mukaona palembedwa kuti amalipira zonse, funsani kuti zonse za chiyani, chifukwa kawirikawiri akutanthauza zonse za pa tarifi. Pamwamba pake pali malire a pa chaka, ndipo mkati mwa malire aakuluwo muli timalire ting'onoting'ono ta mankhwala, ta mano, ta kujambula m'thupi.

Banja loyesera

Tiyeni tiyeze ndi banja longoyerekeza la ku Mufakose, ndipo manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongophunzirira. Bambo ndi kalipentala wodzilemba yekha. Mayi ali ndi zaka 33, amamwa mankhwala a BP, ndipo akufuna mwana wachiwiri. M'nyumbamo mulinso mwana wa mlongo wa bamboyo, amene akumulera monga malume, ndi agogo a zaka 66 odwala shuga.

Alowa sikimu pa 1 Malichi. Miyezi itatu itha pa 31 Meyi. Miyezi isanu ndi inayi ya uchembere itha pa 30 Novembala. Ngati mayi analowa ali kale ndi pakati pa miyezi iwiri, adzachira mu Okutobala, ndipo sikimu sidzalipira kanthu pa kuchirako. Zimenezi ambiri amazidziwa. Chimene sachiganizira ndi ichi: atatenga pakati m'kati mwa Malichi, tsiku loyembekezera ligwera chakumayambiriro kwa Disembala, kunja kwa nthawi yodikira ndi masiku ochepa okha. Koma mayi wa BP ndi amene madokotala amakonda kumuchiritsa msanga magazi akakwera kwambiri. Akam'chita opaleshoni pa 15 Novembala, mwana wabadwira mkati mwa nthawi yodikira, ndipo ndi kubadwa kumene kumadya ndalama zambiri: opaleshoni, dokotala wogonetsa, ndi mwana m'chipinda cha obadwa masiku osakwana. Banjali likanayamba kufuna mwana mu Juni, mpata ukanakhala wa miyezi itatu.

Tsopano tinene kuti nthawi yakwana bwinobwino, opaleshoni yachitika mu Febuluwale. Dokotala wa azimayi watchula madola 900, tarifi ikuti 600. Wogonetsa watchula 400, tarifi ikuti 250. Chipatala chalipiridwa chonse chifukwa chili pa mndandanda wa sikimu. Banjali litulutsa 300 kuphatikiza 150, madola 450, ndipo madokotala ambiri amafuna ndalama imeneyi opaleshoni isanachitike. Khadi lagwira ntchito yake, palibe amene waphwanya pangano, komabe madola 450 akufunika m'manja. Banja limeneli tiyende nalo m'njira zonse.

Njira yoyamba: sikimu ya kuntchito

*Mtengo.* Imeneyi ndiyo yopepuka m'thumba, chifukwa abwana amalipirako gawo ndipo lanu limadulidwa pa malipiro. Ogwira ntchito m'boma ambiri ali ku PSMAS, imene inayamba mu 1930. Makampani amasankha pakati pa Cimas, imene inayamba mu 1945, First Mutual Health, CellMed ndi ena.

*Kupezeka.* Ndi ya olembedwa ntchito okha, ndipo phukusi, kutanthauza mlingo wa chithandizo chimene mukulipirira, amasankha ndi abwana. Ubwino wake waukulu uli pa nthawi yodikira: kampani ikalowetsa antchito ambiri pamodzi, sikimu imatha kuchotsa kapena kufupikitsa kudikirako, ngakhale pa matenda akale. Musangoganiza kuti zili choncho. Pemphani a ofesi ya antchito akuonetseni polembedwa, ndipo funsani ngati kuchotsako kukukhudzanso mkazi, ana, ndi wantchito wolowa mochedwa, popeza nthawi zina kumakhala kwa okhawo amene analipo tsiku loyamba.

*Kusamalira.* Yang'anani okha ngati ndalama ikufika. Kudulidwa pa pepala la malipiro si umboni woti kampani yatumiza.

*Zoopsa.* Kampani ikachedwa kutumiza, makhadi a antchito onse amaimitsidwa, ndipo mumadziwira pa windo la famase. Ntchito ikatha, sikimu imathera pomwepo. Tsiku limenelo pemphani kalata yotsimikizira zaka zimene mwakhala membala, ndipo lowani kwina musanadumphitse mwezi. Masikimu ambiri amachotsako nthawi zina zodikira kwa munthu wosamuka popanda mpata pakati. Banja lathu la ku Mufakose njira iyi ilibe, pokhapokha mayi atapeza ntchito yolembedwa.

Njira yachiwiri: phukusi lotsika lolowa wekha

*Mtengo.* Ndi wotsikitsitsa mwa masikimu enieni, ndipo amawerengera mutu uliwonse, mwana mtengo wake, wamkulu wake.

*Kupezeka.* Aliyense wa zaka zosapitirira malire angathe kulowa, koma kumene mungapite n'kochepa: zipatala za boma monga Parirenyatwa, Sally Mugabe, imene ambiri timaitchabe Gomo, ndi Chitungwiza, zipatala za mishoni, makiliniki a khonsolo, ndiponso makiliniki a sikimu yomweyo, poti masosaite akuluakulu a medikoeidi ali ndi makiliniki ndi mafamase awoawo. Mukapita kunja kwa mndandandawo, mwina alipira pa tarifi ya chipatala cha boma, mwina salipira n'komwe. Kwa dokotala wamkulu wa matenda apadera mumafika ndi kalata yotumizidwa ndi dokotala wamba. Popanda kalatayo bilu ndi yanu.

Apa agogo a zaka 66 ndi pamene amatsalira. Masikimu ambiri salandira membala watsopano wopitirira zaka 65, ena amatsekera pa 60, ndipo amene amalandira amakweza mtengo ndi kufuna kuti ayezedwe kaye. Mwana wa mlongo nayenso salowa chifukwa chongokhala m'nyumba mwanu. Kwathu malume kulera mwana wa mlongo wake si nkhani yofunsa, koma chikalata chimazindikira mwana wobereka, wopeza, kapena amene muli ndi pepala losonyeza kuti ndinu womulera mwalamulo. Ena amamulandira ngati wodalira wowonjezera pa mtengo wina. Mabanja athu ambiri a makolo ochokera ku Malawi amavutikanso ndi ziphaso za kubadwa, choncho funsani msanga mapepala amene akufuna, tsiku la matenda lisanafike.

*Kusamalira.* Lipirani mwezi usanayambe. Mankhwala a BP ndi a shuga amafuna kuti mulembetse matendawo padera, ndi fomu yodzazidwa ndi dokotala, ndipo amapereka a pa mndandanda wawo, nthawi zambiri a mtengo wotsika amene amagwira ntchito mofanana.

*Zoopsa.* Malire a pa chaka ndi ochepa, moti kugonekedwa kumodzi kwakukulu kungawamalize. Ndipo chipatala cha boma chikasowa mankhwala kapena makina ojambulira akawonongeka, amakutumizani kukagula kapena kukajambulitsa kunja, kumene phukusi lanu limalipirako pang'ono. Komabe shotifo ya pano ndi yaing'ono kuyerekeza ndi ya njira yotsatira, ndipo kwa banja lopeza ndalama mosadukiza koma zochepa, ine ndimaliona phukusili kukhala loona mtima kuposa mmene anthu amalinyozera.

Njira yachitatu: phukusi la zipatala zolipira

*Mtengo.* Limaposa lotsika lija kangapo, ndipo mtengo umakwera ndi msinkhu. Apa pali nkhani ya ndalama yolipirira. ZiG, ndalama ya dziko la Zimbabwe, inayamba mu Epulo 2024, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho inagwa mphamvu kuchoka pa pafupifupi 14 kufika pa 24 pa dola imodzi. Phukusi la ZiG limaoneka lotsika, koma malire ake alinso mu ZiG, pamene madokotala ambiri amawerengera mu madola a ku America. Ndalama ikagwa, shotifo imakula tarifi isanasinthidwe. Phukusi la madola limapweteka pa mwezi koma malire ake amakhala pomwe munawasiya.

*Kupezeka.* Limatsegula zipatala monga Avenues Clinic ndi St Anne's, malinga ndi mlingo wa phukusi. Onani mtundu wa wodi umene alola. Mukagona m'chipinda cha nokha pamene phukusi likunena wodi ya anthu angapo, kusiyana kwake mulipira inu usiku uliwonse.

*Kusamalira.* Chofunika kwambiri ndi chilolezo. Opaleshoni yokonzekera, kugonekedwa, ndi kujambula kwa makina aakulu a CT ndi MRI zimafuna kuti sikimu ivomereze zisanachitike. Pa ngozi amapereka nthawi yochepa yowadziwitsa, kawirikawiri tsiku limodzi kapena awiri. Popempha chilolezocho, tengani mtengo wolembedwa kwa dokotala aliyense, wopanga opaleshoni, wogonetsa, ndi chipatala, mupite nawo ku sikimu akulembereni zimene alipire. Mukatero madola 450 aja mumawadziwa milungu isanakwane, ndipo muli ndi mpata wofunsa ngati pali dokotala wina amene amalandira tarifi ya sikimu popanda kuwonjezera. Mukalipira nokha kuti akubwezereni, malisiti ali ndi nthawi yake, nthawi zambiri miyezi itatu, ikadutsa sabweza. Mwana akabadwa mulembetseni mkati mwa masiku amene chikalata chanena. Mukachedwa amalowa ngati mlendo, ndi nthawi yake yodikira.

*Zoopsa.* Pali misampha iwiri imene ndikufuna muione bwino. Woyamba ndi kukwera phukusi. Anthu amati ndiyambe ndi lotsika, ndikadwala ndikwere. Masikimu anatseka khomo limenelo: mukakwera, mumalipira mtengo watsopano nthawi yomweyo koma chithandizo chapamwambacho chimadikira miyezi yake, ndipo pakatipo mukuthandizidwa pa mlingo wakale. Mayi wa ku Mufakose sangakwere ali ndi pakati pa miyezi isanu n'kuyembekeza kukachirira ku chipatala cholipira.

Wachiwiri ndi kubisa matenda pa fomu. Mayi uja angaganize kuti asatchule BP kuti apewe kudikira. Koma tsiku logonekedwa dokotala amalemba mbiri yonse, kuti wodwalayu wakhala pa mankhwala zaka zinayi, ndipo lipotilo limafika ku sikimu pamodzi ndi bilu. Chikalata chimawapatsa mphamvu yokana bilu imeneyo, yothetsa umembala, ngakhale yoitanitsa zimene analipira kale. Atatchula, choipitsitsa n'chakuti BP ndi zotsatira zake zidikira nthawi yodziwika, ndipo tsiku lothera kudikirako lilipo. Lembani zonse, ndipo fomu musalole wogulitsa akudzazireni inu mukungosaina. Funso loti mayiyu afunse, ndipo ayankhidwe polemba, ndi ili: kodi BP ikakwera chifukwa cha pakati, mudzaiwerenga ngati uchembere kapena ngati matenda akale? Yankho lake ndilo linganene ngati phukusili lili ndi phindu kwa iye.

Njira yachinayi: inshuwaransi yopereka ndalama ukagonekedwa

*Mtengo.* Ndi wochepa kwambiri, ndipo nthawi zambiri imagulitsidwa pa foni kapena pamodzi ndi polise ya maliro.

*Kupezeka.* Kulowa n'kosavuta, mafunso ndi ochepa. Dziwani kuti iyi si medikoeidi. Lamulo la nambala 330 la chaka cha 2000 linaika masosaite a medikoeidi pansi pa Unduna wa Zaumoyo, pamene inshuwaransi imayang'aniridwa ndi IPEC, bungwe la boma loona za inshuwaransi ndi penshoni, ndipo dandaulo lake limapita kumeneko.

*Kusamalira.* Sungani kalata yotulutsidwa m'chipatala yokhala ndi masiku ndi chidindo, chifukwa ndalama zimabwera mutatuluka.

*Zoopsa.* Silipira dokotala, mankhwala kapena opaleshoni. Imakupatsani ndalama yokhazikika pa usiku uliwonse, ndipo zikalata zambiri zimayamba kuwerenga pakadutsa mausiku awiri kapena atatu. Tiyerekeze madola 30 pa usiku, kuyambira usiku wachitatu: mayi wogona mausiku anayi alandira madola 60 ngati awiri oyambawo sawerengedwa, kapena 120 ngati chikalata chikuti mukadutsa malirewo amawerenga kuyambira tsiku loyamba. Mawu amenewo afufuzeni. Uchembere ndi matenda akale kawirikawiri zili kunja. Kwa bambo kalipentala, phindu lake ndi lobweza ndalama ya masiku amene sanakhome mipando, basi.

Mwezi umodzi wodumpha

Chinthu ichi chimakhudza njira zitatu zolipira wekha, ndipo kwa anthu a geni ndi maganyu ndicho chimagwetsa ambiri. Mukalephera kulipira, khadi limaimitsidwa, ndipo chithandizo cha m'masiku amenewo masikimu ena sachilipira ngakhale mutabweza ngongole pambuyo pake. Ngongole ikafika miyezi imene chikalata chatchula, kawirikawiri itatu, umembala umatha. Mukabwerera mumalowa ngati watsopano: nthawi zodikira zimayambiranso, ndipo matenda amene anakupezani muli membala tsopano asanduka matenda akale. Munthu amene anapirira zaka ziwiri kudikira chithandizo cha khansa angataye zonsezo chifukwa cha Januwale wa fizi ndi yunifolomu. N'chifukwa chake phukusi loyenera ndi limene mungalipire m'mwezi wanu woipitsitsa. Ngati muli m'chipereganyu, mwezi wolandira lipiriranitu miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi.

Iti ikuyenera yani

Ngati muli pa ntchito yolembedwa ndipo kampani ili ndi sikimu, lowani mwezi woyamba womwewo, makamaka ngati m'banja muli BP, shuga kapena mphumu, chifukwa kuno n'kumene kudikira kumachotsedwa kawirikawiri. Mukafuna phukusi loposa la abwana, funsani ngati mungawonjezere nokha.

Ngati mumadzilemba nokha ndipo ndalama imabwera modumphadumpha, tengani phukusi lotsika limene lili ndi kiliniki yofikika kuchokera kwanu, ndipo pambali sungani ndalama ya mankhwala ogula kunja. Inshuwaransi ya usiku ija iwonjezeni pa dzina la amene amabweretsa chakudya m'nyumba.

Ngati mukukonzekera mwana ndipo mukufuna chipatala cholipira, lowani phukusi lomwelo kuyambira pachiyambi, siyani miyezi itatu idutse musanatenge pakati, ndipo yambani kusunga ya shotifo. Ngati pakati palipo kale, sikimu yatsopano sikuthandizani pa kuchiraku. Lembetsani sikelo msanga ku kiliniki ya khonsolo monga Edith Opperman ku Mbare kapena ya kufupi ndi kwanu, imene imatumiza ku Gomo kapena ku Mbuya Nehanda, chipatala cha uchembere cha ku Parirenyatwa, pakakhala vuto, ndipo sikimu muilowere za m'tsogolo ndi za mwanayo.

Ngati kholo lanu lili ndi zaka 58 kapena 62, lilowetseni chaka chino khomo lisanatsekeke, ndipo shuga kapena BP yake mulembe pa fomu. Ngati lapitirira kale malire ngati agogo a ku Mufakose, ndalama imene mukanapereka ku sikimu muiike padera mwezi uliwonse ya mankhwala ndi kuyezetsa magazi, ana onse asonkhe, ndipo opaleshoni yokonzekera mufunse mtengo wake ku zipatala za mishoni monga Karanda ku Mount Darwin kapena Howard ku Chiweshe.

Ngati mumayenda kawirikawiri pakati pa Harare ndi Blantyre kapena Lilongwe pa geni, pezani ndime ya malire a dziko musanayang'ane china chilichonse. Ikakhala kuti ikuthera pa Zimbabwe, gulani inshuwaransi ya paulendo ya masiku amene mukhale kunja, ndipo nayonso muone zimene ikunena pa matenda amene muli nawo kale.